Vidiyo imodzi, mitengo itatu: kutchula mtengo kampani ikafuna kuti muitsatsire malonda

Funso limene limavuta anthu ambiri opanga mavidiyo a pa YouTube, TikTok ndi Facebook ndi lalifupi kwambiri: "Mumatchaja zingati?" Limabwera kuchokera kwa munthu wa kukampani amene waona kuti anthu amakumverani, ndipo akufuna kuti m'vidiyo yanu yotsatira mutchuleko katundu wawo. Ena amayankha ndi nambala imene yangowabwerera m'mutu, ena amafunsa mnzawo kuti iye anatchaja zingati, ndipo ena amangoti "inuyo muli ndi zingati?" Onsewa amatchula mtengo umodzi, pomwe kampaniyo ikugula zinthu zitatu zosiyana. Ikugula ntchito yopanga vidiyoyo. Ikugula maso ndi makutu a anthu amene adzaionere. Ndipo nthawi zambiri, mwakachetechete, ikugulanso ufulu wotenga vidiyoyo, nkhope yanu ndi mawu anu, n'kumazigwiritsa ntchito kwina kwa nthawi imene palibe anaitchula. Chachitatuchi n'chimene opanga mavidiyo ambiri amangopereka ulere, ndipo kawirikawiri n'chimene chili ndi ndalama zambiri.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze mayi amene amaphunzitsa zophikaphika pa YouTube m'Chichewa. Ali ndi omutsatira 90,000, ndipo kampani ina yopanga mafuta ophikira yamupempha kuti aphike mandasi ndi mafuta awo, aonetse botolo, anenepo mawu kwa mphindi imodzi mkati mwa vidiyo ya mphindi khumi. Mayiyu ndi wongoyerekezera, ndipo ndalama zonse zimene nditchule pa nkhani yakeyi ndazisankha kuti masamu aoneke bwino. Si mitengo ya pamsika. Chofunika ndi njira yowerengera, chifukwa nambala zenizeni zimasintha ndi dziko, nyengo ndiponso mphamvu ya kwacha.

Oonera, osati otsatira

Chinthu choyamba kuchiika pambali ndi nambala ya 90,000 ija. Otsatira ndi anthu amene tsiku lina anadina batani, ndipo ambiri a iwo sanabwerenso. Ena anasintha foni, ena anasiya kugula bandulo, ena sakumbukira n'komwe kuti anadina. Kampani siingagulitse mafuta kwa munthu amene sadzaona vidiyoyo. Nambala yogwira ntchito ndi ya anthu amene amaoneradi vidiyo iliyonse yatsopano.

Mayi wathu atsegule YouTube Studio, atenge mavidiyo khumi omaliza a mtundu womwewo, ndipo pa iliyonse alembe kuti inaoneredwa kangati m'masiku 30 oyamba. Masiku akhale ofanana pa onse, chifukwa vidiyo ya chaka chatha yakhala ndi nthawi yaitali yosonkhanitsa anthu kusiyana ndi ya mwezi watha. Tinene kuti wapeza izi, ataziyala kuyambira yaing'ono: 14,000, 16,000, 17,000, 19,000, 20,000, 22,000, 23,000, 26,000, 31,000 ndi 212,000. Yomalizayo ndi vidiyo imene inathamanga mosayembekezereka, anthu n'kumatumizirana pa WhatsApp sabata yathunthu.

Akaphatikiza zonse n'kugawa ndi khumi, apeza avereji ya 40,000. Koma taonani mndandandawo: mwa mavidiyo khumi, asanu ndi anayi sanafike n'komwe pa 40,000. Avereji yakokedwa ndi vidiyo imodzi yokha. Nambala yonena zoona ndi imene ili pakati penipeni pa mndandanda, ndipo apa pakati pali 20,000 ndi 22,000, choncho tikuti 21,000. Iyi ndiyo nambala imene vidiyo wamba ya mayiyu imafika.

Ndikudziwa kuti pali chiyeso chachikulu choonetsa kampani 40,000 kapenanso 212,000. Ndikuona kuti kutero n'kudzikumbira dzenje. Kampani imene yalipira poyembekezera anthu 40,000 n'kupeza 19,000 siidzabweranso, ndipo anthu ogwira ntchito zotsatsa malonda amadziwana ndipo amauzana. Amene anatchula 21,000 n'kufika 23,000 amaitanidwanso mwezi wamawa.

Tsopano mtengo. Pa ntchito yotsatsa malonda, anthu amawerengera ndalama pa oonera 1,000 alionse, ndipo pa makompyuta a otsatsa nambala imeneyi imalembedwa kuti CPM. Masamu ake ndi awa:

```
mtengo = (oonera / 1000) x CPM
```

Ngati mayi wathu waika K10,000 pa oonera 1,000 alionse, ndiye kuti 21 kuchulukitsa ndi K10,000, zomwe zikupereka K210,000. Funso lenileni n'lakuti K10,000 imeneyo yachokera kuti. Poyambira pabwino ndi ndalama zimene kampani imalipira kale ikafuna kuonetsa malonda ake kwa anthu omwewo kudzera kwa eni ake a Facebook kapena YouTube. Aliyense amene analipirapo kuti positi yake ifike patali amaiona nambalayi mu Ads Manager, ndiye mnzanu wabizinesi angathe kukuonetsani yake. Koma nambala imeneyo ndi ya pansi penipeni, chifukwa imawerenga nthawi iliyonse imene malonda angoonekera pa foni ya munthu, ngakhale iye atawadutsa ndi chala asanamve liwu limodzi. Munthu amene wasankha yekha kutsegula vidiyo ya mayi amene amamukhulupirira, n'kumva mayiyo akunena kuti mafuta awa sachita thovu pamoto, walandira chinthu china kotheratu. N'chifukwa chake mtengo wa wopanga mavidiyo umayenera kukhala pamwamba pa wa malonda wamba, kawirikawiri kangapo konse.

Palinso msampha wina: mawu akuti "yaoneredwa" satanthauza chinthu chimodzi paliponse. Pa TikTok vidiyo imawerengedwa ikangoyamba kusewera. Facebook inakhala zaka zambiri ikuwerenga munthu amene waonera masekondi atatu. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, YouTube inayamba kuwerenga mavidiyo ake aafupi, a Shorts, nthawi iliyonse akangoyamba kapena kubwerezedwa. Choncho oonera 100,000 a kavidiyo ka masekondi 20 sangayerekezedwe ndi oonera 21,000 a vidiyo ya mphindi khumi, ndipo mtengo wa pa 1,000 wa timavidiyo tatifupi umakhala wotsika ndithu. Amene amaika vidiyo imodzi pa malo atatu awerengere malo alionse paokha.

Ndiyeno pali nkhani ya malo amene malondawo aikidwa mkati mwa vidiyo. YouTube Studio imaonetsa mzere wotsetsereka wosonyeza kuti pa mphindi iliyonse patsala anthu angati. Ngati pofika mphindi yachisanu ndi chimodzi mwa anthu 100 alionse patsala 40, ndiye kuti malonda oikidwa pamenepo afika kwa anthu 8,400 okha mwa 21,000 aja. Kampani yochenjera imapempha kuona mzerewu, ndipo ili ndi ufulu wotero. Wopanga mavidiyo wochenjera amakhala ndi mitengo iwiri: wokwera ngati malonda ali m'mphindi ziwiri zoyamba, ndi wotsikirapo ngati ali chakumapeto. Vidiyo yonse ikakhala yonena za katundu wa kampaniyo, mtengo umakweranso, popeza mwapereka tsiku lanu lonse loulutsira ndipo oonera ena sakonda vidiyo yotere.

Nanga vidiyoyo ikathamanga ngati ija ya 212,000? Apa chilungamo chimafuna kuti onse awiri apindule. Njira yosavuta ndi kugwirizana mtengo wokhazikika wa K210,000, kenaka kuwonjezera kuti oonera akapitirira 30,000 m'masiku 30, kampani ilipira K5,000 pa 1,000 alionse owonjezera, mpaka pa malire ena, tinene K200,000. Malirewo amateteza kampani, imene ili ndi bajeti yake, ndipo mayi wathu sadzakhala akuyang'ana nambala zikukwera mtima ukumuwawa.

Oonerawo ndi ndani

Anthu 21,000 si mulu wa zinthu zofanana. Pa tsamba la Audience mu YouTube Studio pamaoneka mayiko amene oonera ali, zaka zawo, ndiponso kuti amuna ndi angati, akazi ndi angati. TikTok ndi Facebook zimaonetsanso zofanana ndi zimenezi. Tinene kuti mwa oonera 100 alionse a mayi wathu, 70 ali ku Malawi, 20 ali ku South Africa, ndipo otsalawo amwazikana ku Zambia, Britain ndi kwina. Izi sizachilendo kwa wopanga mavidiyo a Chichewa, chifukwa achibale athu amene ali ku Joni amakonda kuonera zakumudzi.

Kwa kampani ya mafuta imene imagulitsa ku Malawi kokha, anthu ofunika ndi 14,700. Otsalawo, ngakhale atakopeka bwanji, botololo sangalipeze m'sitolo ya kumene ali. Munthu wa kukampani akanena zimenezi pofuna kutsitsa mtengo, akunena zoona, ndipo mayiyu achite bwino kuziganizira asanatchule nambala yake. Koma tsiku lina ikabwera kampani yotumiza ndalama kuchokera ku South Africa kupita ku Malawi, zinthu zimatembenuka. Anthu 4,200 a ku Joni aja ndi amene kampaniyo ikuwasaka, ndipo ndi ovuta kuwapeza mwanjira ina: sawamvera pa wailesi ya kuno, ndipo pakati pa anthu mamiliyoni a ku South Africa ndi kagulu kochepa kobisika. Tchanelo ndi chomwecho, oonera ndi omwewo, koma mtengo woyenera ndi wosiyana.

Mfundo yake n'njakuti mtengo wa woonera mmodzi umadalira phindu limene kampani ingapeze iye akasanduka kasitomala. Tiyerekeze mnyamata amene amaphunzitsa ulimi wa nkhuku, ndipo vidiyo yake iliyonse imaoneredwa ndi anthu 4,000 okha. Poyerekeza ndi wanthabwala wa oonera 100,000, iyeyu amaoneka ngati palibe chimene ali nacho. Koma amene amaonera vidiyo ya mphindi 15 yonena za katemera wa chitopa ndi kutentha koyenera m'khola la anapiye ndi anthu amene ali ndi nkhuku kapena akufuna kuyamba. Akatchaja wogulitsa chakudya cha nkhuku K200,000, ndiye kuti ndi K50,000 pa 1,000 alionse, kuwirikiza kasanu mtengo wa mayi wathu. Zikuoneka zodula, koma ngati wogulitsayo amapeza phindu la K40,000 pachaka kwa mlimi mmodzi wogula mobwerezabwereza, akungofunika alimi asanu atsopano kuti ndalama yake ibwerere. Alimi asanu mwa anthu 4,000 oweta nkhuku si loto. Kwa wanthabwala uja, wogulitsa yemweyo akanalipira zambiri kuti afike kwa khamu limene ambiri mwa iwo alibe khola.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti musanatchule mtengo, mufunse mafunso. Katunduyu amagulidwa kamodzi kapena mwezi ndi mwezi? Akupezeka m'maboma ati? Kampani ikufuna kuti anthu angodziwa dzina, kapena kuti agule sabata yomweyo? Mayankho ake amakuuzani ngati oonera anu ndi golide kwa kampaniyi kapena ndi anthu wamba. Zaka za oonera nazonso zili ndi mbali: ngati ambiri ndi ana asukulu, mtengo umatsika pa katundu wofuna ndalama zambiri, ndipo malonda a mowa ndi a juga ndi oyenera kuwakana, kaya alipira zingati.

Makampani ena amati, "Tikupatsani khodi yanu, ndipo pa botolo lililonse logulidwa ndi khodiyo mudzalandira kenakake." Khodi ndi yabwino monga chowonjezera, ndiponso imakupatsani umboni wodzaonetsa makampani ena. Koma ikakhala malipiro okhawo, chiopsezo chonse chagwera inu. Munthu angaonere vidiyo lero n'kukagula mafutawo pa golosale ya pafupi patatha milungu itatu osatchula khodi iliyonse, ndipo ngati katunduyo wasowa m'masitolo kapena wakwera mtengo, mudzalandira zero pa cholakwa cha ena.

Kampani nayonso ili ndi choopa, ndipo n'koyenera kunena. Pali anthu amene amagula otsatira ndi oonera abodza. Zizindikiro zake sizivuta: tchanelo cha Chichewa chimene oonera ake ambiri ali m'mayiko amene Chichewa sichilankhulidwa, nambala zodumpha usiku umodzi popanda vidiyo yatsopano, ndiponso oonera masauzande amene palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa funso lokhudza zimene zanenedwa. Wopanga mavidiyo woona mtima amatumiza yekha zithunzi za nambala zake za masiku 28 kapena 90 apitawa asanapemphedwe.

Tisanafike pa gawo lalikulu, tiwerengere ntchito yeniyeni. Ufa, shuga, makala kapena gasi, wojambula, wolumikiza zithunzi, bandulo yokwezera vidiyo, ndi tsiku la mayiyu mwini wake: tinene K90,000. Ndalama iyi ilembedwe payokha, chifukwa imatuluka m'thumba ngakhale vidiyo itaoneredwa ndi anthu khumi. Mgwirizano unenenso kuti kampani ingapemphe kusintha kangati, apo ayi mudzajambula mandasi omwewo kanayi. Tikaphatikiza K90,000 ndi K210,000, vidiyoyo ikuima pa K300,000 ikaulutsidwa pa tchanelo cha mayiyu basi.

Vidiyo ikachoka m'manja mwanu

Tsopano munthu wa kukampani uja akuwonjezera, ngati kanthu kakang'ono: "Ndiye mudzatitumizirenso vidiyoyo, mayi, kuti nafenso tiziigwiritsa ntchito." Apa m'pamene pamafunika kudekha. Yankho labwino si kukana, koma kufunsa mwaulemu: "Palibe vuto, bambo. Mukufuna kuigwiritsa ntchito kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?"

Kulekanitsa malipiro a ntchito ndi malipiro ogwiritsa ntchito chithunzi cha munthu si nzeru yatsopano. Ku America, bungwe la ochita zisudzo la Screen Actors Guild linakhala zaka zambiri ndi dongosolo lakuti wosewera mu kanema wotsatsa malonda amalipidwa tsiku lojambula, kenaka amalipidwanso malinga ndi mmene kanemayo akuulutsidwira, nthawi ikuwerengedwa m'magawo a milungu 13. Kampani ikafuna kupitiriza, imalipiranso. Chifukwa chake n'chomveka: nthawi yonse imene nkhope ya munthu ili pa malonda a sopo wina, makampani ena a sopo samufuna, ndipo kampani yoyambayo ikupitiriza kupeza phindu ndi nkhopeyo. Wopanga mavidiyo wa lero ali pamalo omwewo, kungoti iye alibe bungwe lomulankhulira, ndipo ndi wosewera, wojambula ndi wailesi nthawi imodzi.

Kugwiritsa ntchito kuli ndi makwerero ake. Kampani ikangogawana positi yanu pa tsamba lake, anthu n'kumabwera kudzaonera kwa inu, palibe chifukwa cholipiritsa, popeza inunso mukupindula. Ikatenga vidiyoyo n'kuiika pa masamba ake ngati yake, oonerawo sakubweranso kwa inu, ndipo pamenepo pakufunika kandalama. Ikayamba kulipira Facebook kapena YouTube kuti vidiyoyo ionetsedwe kwa anthu masauzande amene sanakusankheni, yasanduka malonda enieni, ndipo kampaniyo yapulumutsa ndalama zimene ikanalipira wosewera, ojambula ndi situdiyo. Ikafika pa wailesi ya kanema, kapena nkhope yanu ikakwera pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, imeneyo ndi nkhani ina yofuna mgwirizano wake.

Pali khwerero lina limene anthu ambiri salidziwa. TikTok ili ndi njira yotchedwa Spark Ads, ndipo Facebook ndi Instagram zili ndi Partnership ads. Pa njira zimenezi kampani imalipira kuti vidiyo ifike patali, koma imaoneka ikuchokera pa dzina lanu, ngati kuti mwaitumiza ndinu. Makampani amazikonda chifukwa anthu amakhulupirira munthu kuposa kampani. Kwa inu, izi zikutanthauza kuti wina akuyendetsa dzina lanu: ndi iye amene akusankha kuti vidiyo ionekere kwa ndani ndiponso kangati. Munthu akaona nkhope yanu ndi botolo lomwelo kasanu ndi kawiri pa sabata, amatopa ndi inuyo, osati ndi botololo. Ubwino wake n'ngwakuti chilolezocho chili m'manja mwanu. Pa TikTok, mwini vidiyo ndi amene amatulutsa khodi yololeza, ndipo amasankha nthawi yake, monga masiku 7, 30, 60 kapena 365. Musadine 365 chifukwa choti wakuuzani kuti n'zosavuta. Masiku a pa khodi afanane ndi masiku amene alipiridwa.

Kawerengedwe kofala ndi kotenga gawo la mtengo wa vidiyo ngati malipiro a mwezi uliwonse. Mayi wathu aike K20 pa K100 iliyonse pamwezi kuti kampani igwiritse ntchito vidiyoyo pa malonda olipira a pa intaneti, m'Malawi mokha. Pa K300,000, imeneyo ndi K60,000 pamwezi, ndipo miyezi itatu ndi K180,000. Gawoli lingakwere ngati malondawo akuyenda pa dzina lake, ndipo lingatsike pang'ono ngati kampani ikulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi. Ndi bwinonso kufunsa kuti kampani ikufuna kuika ndalama zingati kumbuyo kwa vidiyoyo. Sitolo yaing'ono yoika K50,000 pamwezi ndi kampani yaikulu yoika mamiliyoni siziyenera kulipira mofanana, chifukwa yachiwiriyo idzaonetsa nkhope yanu kwa dziko lonse.

Masamu omwewa amaonetsa kukula kwa chinthu chimene anthu amasainira osawerenga. Migwirizano yambiri imalembedwa m'Chingelezi, ndipo mawu oyenera kuwasaka ndi `in perpetuity`, kutanthauza mpaka kalekale, amene kawirikawiri amayenda limodzi ndi ena onena kuti dziko lonse lapansi ndi njira zonse zoulutsira. Pa K60,000 pamwezi, chaka chimodzi chokha ndi K720,000, kupitirira kawiri mtengo wa vidiyoyo. Amene wavomera mawu amenewa pa K300,000 wagulitsa nyumba pa mtengo wa lendi ya miyezi isanu. Ndipo vuto si ndalama zokha. Patapita zaka zitatu mafutawo angadzasinthe, angadzapezeke ndi vuto, kampaniyo ingadzagulidwe ndi anthu ena, koma mawu anu adzakhala akuwayamikirabe. Ine ndimaona kuti ufulu wamuyaya ndi woyenera kuukana nthawi zambiri, ndipo m'malo mwake kupereka miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yokhala ndi mwayi wowonjezera.

Kwa ife kuno pali chifukwa chinanso chokondera nthawi yaifupi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagwirizana mtengo wa zaka ziwiri kumayambiriro kwa 2022 anaona ndalama yake ikusungunuka, pomwe kampani inakweza mitengo ya katundu wake n'kupitiriza kugwiritsa ntchito vidiyo yomweyo. Mgwirizano wa miyezi itatu umakupatsani mpata wokambirananso mtengo zinthu zikasintha.

Chinthu china chimene chimabwera limodzi ndi ufuluwu ndi chiletso chakuti musatsatse makampani opikisana nawo. Ichinso chili ndi mtengo, ndipo umawerengedwa ndi zimene mutaye. Ngati mayi wathu amapeza ntchito imodzi ya K300,000 ya mtundu umenewu pa miyezi itatu iliyonse, ndiye kuti mwezi uliwonse wa chiletso ukumudyera pafupifupi K100,000. Chofunika kwambiri ndi mmene chiletsocho chalembedwera. Chikanena mafuta ophikira okha, n'chopiririka. Chikanena zakudya zonse, kwa munthu wa zophikaphika n'chimodzimodzi kumutsekera bizinesi, chifukwa ufa, mpunga, zokometsera ndiwo ndi majarini zonse zalowa momwemo. Mayiyu avomere mwezi umodzi, pa mafuta ophikira okha.

Invoisi yake tsopano ili ndi mizere inayi: kupanga vidiyo K90,000, kuulutsa pa tchanelo chake K210,000, kugwiritsa ntchito pa malonda a pa intaneti m'Malawi kwa miyezi itatu K180,000, ndi chiletso cha mwezi umodzi K100,000. Zonse pamodzi ndi K580,000, pafupifupi kawiri zimene akanatchula akanangoganizira za vidiyo yokha. Kulemba mizere payokhapayokha kumathandizanso pokambirana. Munthu wa kukampani akati, "Mayi, bajeti yathu ndi K400,000 basi," mayiyu sakufunika kudula mtengo wa ntchito yake. Angayankhe kuti, "Chabwino bambo, tichotse chiletso, ndipo vidiyo muigwiritse ntchito mwezi umodzi. Zikwana K360,000." Kampani ikulipira zochepa chifukwa ikutenga zochepa, ndipo ikadzafuna miyezi ina, mtengo wake ukudziwika kale.

Nyimbo ndi malo amene anthu amapunthwa kawirikawiri. Nyimbo yotchuka imene TikTok imakulolani kuika pa vidiyo wamba siololedwa pa malonda. N'chifukwa chake TikTok ili ndi nkhokwe yapadera, Commercial Music Library, ya nyimbo zololedwa pa bizinesi, ndipo chilolezo chimenecho sichikutsatirani vidiyo ikapita pa wailesi ya kanema. Kuno kwathu kuli lamulo la 2016 loteteza eni ntchito zaluso, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira nkhani zotere. Simungapatse kampani ufulu pa nyimbo imene si yanu, choncho vidiyo yoti idzagwiritsidwe ntchito kwina ikhale ndi nyimbo yololedwa, kapena mgwirizano unene kuti chilolezo cha nyimbo ndi udindo wa kampani. N'chimodzimodzinso ngati m'vidiyomo mukuoneka mwana wanu kapena wantchito wanu: nkhope zawo si zanu zoti mugulitse.

Zina ndi zachidule. Theka la ndalama lilipiridwe musanajambule. Funsani ngati kampani idzadula msonkho pa malipirowo, kuti mudziwe zimene zifike m'manja, ndipo ikadula ikupatseni chikalata chake. Chizindikiro chosonyeza kuti vidiyo ndi yolipiridwa, chimene pa YouTube chimalembedwa kuti Includes paid promotion ndipo pa Instagram Paid partnership, chiikidwe nthawi zonse. Kampani ikalonjeza kuwonjezera ndalama kuti muchibise, ikukupemphani kuti munamize anthu omwewo amene chikhulupiriro chawo ndicho mukugulitsa.

Mgwirizano unene tsiku limene miyezi itatu ikuyamba, kaya ndi tsiku loulutsa vidiyo kapena tsiku limene kampani yayamba malonda ake, ndiponso tsiku lenileni lothera. Tsikulo likafika, pali njira yoonera ngati asiyadi. Meta Ad Library ndi yotsegukira aliyense, ndipo mukalemba dzina la tsamba la kampani mumaona malonda onse amene ikuyendetsa pa Facebook ndi Instagram panthawiyo, pamodzi ndi tsiku limene anayamba. Vidiyo yanu ikapezeka ikuyendabe, jambulani chithunzi chooneka tsiku. Nthawi zambiri sikukhala kuba mwadala: amene anayatsa malondawo anangoiwala kuzimitsa, kapena anachoka ntchito. Ndiponso malonda amene kampani sikufuna kuwazimitsa ndi amene akuibweretsera makasitomala, ndiye mwaima pabwino. Mayi wathu angalembe uthenga wonena kuti nthawi inatha pa tsiku lakuti, kuti waona vidiyo ikuyendabe, ndipo afunse ngati akufuna kuwonjezera miyezi ina itatu kapena kuichotsa pofika Lachisanu. Pa uthengawo aikepo invoisi ya masiku amene apitirira kale, owerengedwa pa K2,000 patsiku, yomwe ndi K60,000 ija yogawidwa ndi masiku 30.